Loko wa agogo a ku Turffontein ndi mapepala amene anabwera pambuyo pake

Alamu anga anandiimbira foni madzulo a pa 24 Epulo, mawu akunjenjemera. Anapeza pepala long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu litamatidwa pachitseko cha chipinda chawo ku Turffontein, kummwera kwa Joni. Linalembedwa ndi bolopeni, mizere itatu yokha: muli ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri, pofika Lachisanu mukhale mutatuluka, mukapanda kutero katundu wanu mumupeza panja.

"Alamu, ndayamba kale kumanga. Mungandipezereko kabaki kotsika mtengo?"

"Kabaki kopita kuti, alamu?"

Anakhala chete. Kopita kunalibe. Amuna awo, omwe anali achimwene anga, tinawatumiza ku Ntcheu m'bokosi zaka zitatu m'mbuyomo. Iwo anatsala ndi ana awiri, wina wa giredi 4, wina woyamwa chala. Azungu omwe ankawagwirira ntchito ya m'nyumba anali atasamukira ku Cape Town mu Febuluwale. Chipindacho chinali cha kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire, mastende monga timawatchulira kuno, ndipo lendi inali R1,800 pamwezi. Ngongole inali R3,600, yoona, yosatsutsika.

Ndinawauza kuti amasule katunduyo. Ndakhala mlembi wa gulu lathu la zamaliro kwa zaka zingapo, ndipo ntchito imeneyi imakufikitsa m'maofesi ndi m'makhoti ambiri kuposa momwe ungafunire. Chomwe ndaona n'chakuti anzathu ambiri kuno sachotsedwa m'nyumba ndi lamulo. Amadzichotsa okha usiku, chifukwa cha pepala lomwe lilibe mphamvu yochotsa ngakhale mphaka. Tinabwera ndi maso a kumudzi, a ku Ndirande ndi ku Mtandire, komwe tinaonapo landilodi akuzula chitseko kapena kusasula lata limodzi pamwamba pa bedi, anthu n'kumangoti nyumba ndi yake.

Ku South Africa nkhaniyi inalembedwa m'malamulo akuluakulu oyendetsera dziko a 1996. Gawo 26(3) limanena kuti palibe munthu angachotsedwe pakhomo pake, kapena kugumuliridwa nyumba, popanda chigamulo cha khoti, ndipo khotilo liyenera kuyamba laona zonse zokhudza nkhaniyo. Anthu a kuno anali ndi chifukwa cholembera zimenezi. Pa nthawi ya tsankho, lamulo la 1951 linkalola boma ndi eni malo kukokolola anthu akuda ngati zinyalala. Mu 1998 analifafaniza n'kuika lina lomwe aliyense amangolitchula kuti PIE, ndipo ndi limeneli lomwe limayala njira yomwe mwini nyumba ayenera kudutsa. Mu 2002 khoti la apilo, pa mlandu wa Ndlovu ndi Ngcobo, linagamula kuti lamuloli limatetezanso munthu wa lendi yemwe mgwirizano wake watha koma sanatuluke. Mawu a gawo 26(3) ndi akuti "palibe munthu". Sanalembe kuti nzika yokha.

Tsono pepala la agogo lija linali chiyani? Linali dandaulo, ndipo pa mfundo ya ngongole linali lachilungamo. Koma monga notisi linali lopunduka. Alamu analibe mgwirizano wolemba, ankangolipira mwezi ndi mwezi, ndipo mgwirizano wapakamwa woterewu lamulo limauvomereza. Kuti authetse popanda chifukwa, mwini nyumba amayenera kupereka notisi ya mwezi wathunthu wa pakalendala. Notisi yoperekedwa pa 24 Epulo imayamba kuwerengedwa pa 1 Meyi, n'kutha pa 31 Meyi. Ngati akufuna kuuthetsa chifukwa cha ngongole, amayamba wakulembera kuti ulipire pofika tsiku lakuti, ndipo ukalephera ndiye amalemba kalata ina yothetsa mgwirizano. Ngakhale zonsezi zitachitika molondola, chomwe chimatha ndi ufulu wako wokhala m'nyumbamo monga wa lendi. Mphamvu yokutulutsa mwini nyumba amakhala alibebe. Imeneyo amakaipempha kukhoti.

Lachisanu linafika. Alamu pobwera kokatenga mwana kusukulu anapeza loko wachilendo pachitseko, wonyezimira, mtengo wake ukadali pa kapepala. Waya wa magetsi wochokera kunyumba yaikulu anali atamuzula. Mkati munali mankhwala a mphumu a mwana wamng'ono, mapasipoti, ndi nkhuku yomwe inayamba kusungunuka m'firiji.

Tinapita kupolisi ina yapafupi, ndipo wapakauntala anatiuza kuti nkhani za lendi si zawo. Yankho limeneli mudzalimva kawirikawiri, ndipo ndi loona mwatheka chabe. Ngongole ya lendi si mlandu wa polisi, n'zoona. Koma kutsekera munthu kunja kapena kumudulira madzi ndi magetsi popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la nyumba za lendi la 1999, ndipo kutulutsa munthu popanda chigamulo ndi mlandu pansi pa gawo 8 la PIE. Yonse iwiri chilango chake ndi faindi kapena ndende yosapitirira zaka ziwiri. Ine sindinalimbane naye wapolisiyo, kunja kunali kukuda ndipo ana anali pabenchi. Anagona kwathu, ife tonse asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri.

Lolemba m'mawa tinapita ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomwe chigawo chilichonse chili nalo loweruza mikangano ya eni nyumba ndi alendi. Kumeneko sulipira kanthu ndipo sufunika loya. Umalemba fomu, n'kupereka chiphaso chako, adiresi ya nyumbayo, dzina ndi foni ya mwini wake, ndi umboni woti umakhala pamenepo. Apa ndi pomwe tinatuluka thukuta. Agogo sankapereka malisiti, ngakhale lamulo limawalamula kupereka lisiti pa ndalama iliyonse yomwe alandira. Chomwe chinatipulumutsa ndi mauthenga a pa WhatsApp omwe mwana wa agogowo ankatumiza mwezi ndi mwezi akalandira ndalama, ndi zithunzi za loko zomwe alamu anajambula Lachisanu lija asanayambe kulira. Ndimawauza anthu a m'gulu lathu kuti ngakhale ukhale pa ubale wotani ndi mastende, lendi uzilipira m'njira yosiya mapazi: kubanki, kapena ndi uthenga wotsimikiza tsiku lomwelo.

Bwaloli lili ndi mphamvu ziwiri zomwe zimathandiza munthu wotsekeredwa kunja. Likhoza kulamula kuti ubwezeretsedwe m'nyumba, ndipo chigamulo chake chimalemera ngati cha khoti la majisitireti. Pa dandaulo lotere funso silikhala lakuti uli ndi ngongole kapena ayi. Funso ndi lakuti, kodi unkakhalamo mwamtendere, ndipo kodi wachotsedwamo popanda khoti? Zikatsimikizika ziwirizi, loko achoke, za ngongole zikambidwe pambuyo. Njira yomweyi ilipo kukhoti la majisitireti ngati pempho lachangu, koma imafuna kuti usachedwe. Ukapita patatha miyezi iwiri, akufunsa kuti changucho chili pati. Mphamvu yachiwiri ndi yakuti kuyambira tsiku lomwe wapereka dandaulo, mwini nyumba sangakutulutse mpaka bwalolo litagamula kapena patatha miyezi itatu, chomwe chayamba kufika. Koma ndime yomweyo imanenanso kuti iwe upitirize kulipira lendi. Anthu amakonda kumva theka loyambalo n'kutseka makutu pa lachiwiri.

Ife sitinafike n'kuchigamulo komwe. Mwana wa agogo ataona pepala lokhala ndi nambala ya dandaulo ndi chidindo, anawerenga kawiri, n'kulowa m'nyumba. Tinamva akukangana m'Chisutu. Patapita mphindi khumi anatuluka ndi kiyi. Nkhuku ija tinakataya.

Mu Meyi anatiitana kukakambirana pamaso pa mkhalapakati wa bwalolo, ndipo mpamene ndinawaonetsetsa agogowo. Anali mayi wa zaka za m'ma 70, miyendo yotupa, atanyamula mabilu a khonsolo m'jumbo ya pulasitiki. Zipinda zinayi za kuseri ndizo zinali munda wawo. Ngongole yawo ya madzi ndi magetsi inali yoposa ya alamu kutalitali. Ndinapita kumeneko nditakonzeka kudana nawo, ndinabwerako ndilibe nazo mphamvu. Anagwirizana kuti alamu azilipira R1,800 ya mwezi ndi R600 yapamwamba kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuti R3,600 ija ithe.

Anakwanitsa Juni, Julaye ndi Ogasiti, ndi ndalama za maganyu ochapa. Mu Sepitembala mwana anagonekedwa m'chipatala, sanalipire kalikonse, ngongole inabwerera pa R3,600 pomwe inayambira. Ulendo uno agogo sanagule loko. Anapita kwa loya.

Kalata yoyamba ya loya inafika kumayambiriro kwa Okutobala. Inapereka masiku 20 a ntchito kuti ngongole yonse ilipidwe. Nambala imeneyi imachokera m'lamulo loteteza ogula, ndipo kwenikweni imakhudza migwirizano ya nthawi yoikika, monga ya chaka chimodzi, koma maloya ambiri amangoipereka kwa aliyense kuti pasadzakhale pokoka kukhoti. Masiku a ntchito sawerengera Loweruka, Lamulungu ndi maholide, choncho 20 amakhala pafupifupi masabata anayi. Nthawi imeneyi ndiyo khomo lotambalala kwambiri lomwe wa lendi amakhala nalo. Ukalipira zonse mkati mwa masikuwa, chifukwa chothetsera mgwirizano chimafa. Tinayesa kusonkha m'gulu koma mwezi womwewo tinali ndi maliro awiri. Alamu anayamba kulipira R1,000 pamwezi, yomwe akanatha, kudzera kubanki. Mu Novembala inabwera kalata yachiwiri: mgwirizano wathetsedwa, tulukani pofika pa 30.

Makalata a maloya amaopsa. Amakhala ndi chizindikiro pamwamba, Chingerezi chake cholimba, mawu ena akuda kwambiri. Alamu anayambanso kufunsa za kabaki. Komatu loya ndi wantchito wa amene wamulemba, si woweruza, ndipo kalata yake ili m'gulu limodzi ndi pepala la m'kope lija, kungoti yavala suti. Kusiyana kwake n'kwakuti imakuuza kuti njira ya kukhoti yayambika ndithu, ndipo nthawi yofunafuna thandizo ndi malo ena ndi imeneyo.

Mapepala a khoti anabwera mu Januwale, ndipo anabwera ndi sherifu. Apa ndichedwepo, chifukwa mapepala abodza aliko, ena amachita kugula kwa anthu a m'makona. Pepala lenileni limakhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chidindo cha khotilo. Ukakayika, tenga nambalayo upite kwa kalaliki wa khoti lomwe latchulidwa ukapemphe kuona failo. Ngati failo kulibe, mlandu kulibe. Sherifu naye amayenda ndi chiphaso, ndipo kumupempha kuti akuonetse si mwano.

Mtolo woyamba unali pempho la agogo ndi chikalata chawo cholumbirira, chofotokoza za nyumba, ngongole ndi makalata aja. M'menemo mumalembedwa masiku omwe uli nawo kuti udziwitse khoti kuti ukutsutsa. Kenako panabwera pepala lina lapadera, lomwe maloya amalitchula ndi nambala yake, notisi ya gawo 4(2) la PIE. Iyi imayamba yavomerezedwa ndi khoti, ndipo iyenera kukufika masiku osachepera 14 tsiku la mlandu lisanakwane. Iyenera kufikanso kukhonsolo ya mzinda. Iyenera kunena tsiku ndi nthawi ya mlandu, zifukwa zomwe akufunira kukutulutsa, ndiponso kuti uli ndi ufulu wobwera kudzadziteteza ndi wopempha loya wa boma. Chimodzi mwa izi chikasowa, kapena masiku akapanda kukwana 14, umauza khoti, ndipo kawirikawiri mwini nyumba amabwezedwa kuti akakonze. Zimenezi zimakupatsa masabata, sizikupatsa nyumba.

Pali pepala linanso lomwe limasokoneza anthu, ngakhale kwa alamu silinabwere. Ndi samani ya ngongole ya lendi. Nthawi zina sherifu amabwera nayo n'kulemba katundu wa m'nyumba, firiji, wailesi ya kanema, sofa, n'kukuuza kuti usachotse chilichonse. Imeneyo ndi nkhani ya ndalama, ndipo uli ndi masiku 10 a khoti oti uyankhe. Si chilolezo chokutulutsa. Ndipo mwini nyumba payekha, popanda khoti ndi sherifu, saloledwa kulowa n'kunyamula firiji yako ngati chikole.

Tsiku la mlandu, mu Febuluwale, pakhonde la khoti panali anthu ambiri, koma maina ambiri akaitanidwa panalibe woyankha. Anzathu amaopa khoti, makamaka amene mapepala awo okhalira m'dziko muno ali ndi vuto, ndipo sindinganamize munthu kuti mantha amenewo ndi opanda pake. Chomwe ndinganene n'chakuti kusapita ndiko kumapereka chigamulo chofulumira kwambiri, chifukwa woweruza amangomva mbali imodzi. Amene ali ndi nkhawa ya mapepala ayambe waonana ndi loya, ku Legal Aid South Africa, ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo ya yunivesite ya Wits, kapena ku mabungwe monga SERI ndi Lawyers for Human Rights, amuuze zoona zonse, tsiku la khoti lisanafike.

Mlandu usanayambe, loya wa agogo anatipeza pakhondepo, mwaulemu ndithu, atanyamula pepala. Anati tikasaina kuti alamu atuluka pakutha pa mwezi, zonse zithera pomwepo, sitichedwa. Alamu anandiyang'ana.

"Alamu, ndisaine? Ndatopa ine."

"Musasaine chomwe simunachimve, alamu. Tilowe kaye."

Pepala lotere likasainidwa limasanduka chigamulo cha khoti. Mu 2017 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linafafaniza chigamulo chotulutsa anthu 184 m'nyumba ina ya ku Berea mu Joni momuno, chomwe chinaperekedwa ponena kuti anthuwo avomera, pomwe analibe loya ndipo sankadziwa ufulu wawo. Linanena kuti woweruza ayenera kufufuza yekha za moyo wa anthuwo ngakhale patakhala kuvomera. Koma anthu a ku Berea anatenga zaka kuti akafike pamenepo. Kukana bolopeni pakhonde n'kwapafupi.

Mkati, alamu anaimirira n'kunena mawu omwe tinayeserera m'takisi: ndikutsutsa, ndikupempha nthawi yopeza loya wa boma. Majisitireti anaimitsa mlandu mpaka Epulo.

Loya yemwe anawapatsa anali mtsikana wamng'ono, wothamanga, mafailo mpaka m'khwapa. Anatiuza mosabisa kuti pa ngongole palibe chotsutsa, ndipo makalata a mbali inayo ali m'malo mwake. Ntchito yake inali pa funso lina lomwe PIE imalamula woweruza kufunsa: kodi kutulutsa munthuyu n'kwachilungamo, ndipo ngati n'kotero, liti? Lamuloli limatchula mwa maina anthu omwe zosowa zawo ziyenera kuganiziridwa: okalamba, ana, olumala, ndi mabanja omwe mutu wake ndi mayi. Alamu anali m'magulu awiri. Koma woweruza salota. Zonse ziyenera kulowa m'chikalata cholumbirira, ndi umboni wake: makalata obadwira a ana, kalata ya kusukulu, khadi la kuchipatala la mwana wa mphumu, ndalama zomwe amapeza pa sabata, malo omwe anafunsako chipinda ndi mitengo yomwe anauzidwa, ndi mapepala a kubanki oonetsa R1,000 ya mwezi uliwonse. Mapepala a kubankiwa majisitireti anawayang'ana nthawi yaitali kuposa ena onse.

Pali malire a miyezi isanu ndi umodzi omwe anthu amawamva molakwika. Munthu akakhala pamalo popanda chilolezo kupitirira miyezi imeneyi, lamulo limalamula khoti kuonanso ngati khonsolo ingamupezere pena pokhala. Alamu ankaganiza kuti zaka zawo zinayi m'chipindamo zikuwerengedwa. Ayi, kuwerenga kumayamba tsiku lomwe chilolezo chinatha, ndipo kwa iwo linali mu Novembala. Ngakhale zili choncho, makhoti amafunsabe ngati munthu akagone pamsewu. Pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011, wokhudza anthu 86 a mumsewu wa Saratoga ku Berea, khoti lalikulu lija linagamula kuti mzinda wa Johannesburg uli ndi udindo wopereka pogona pongoyembekezera ngakhale kwa anthu otulutsidwa ndi mwini malo wamba. Chigamulocho chinanenanso kuti mwini malo angadikiritsidwe, koma osati mpaka kalekale. Kwa munthu mmodzi wa chipinda cha kuseri, ine sindimulangiza kuika mtima wake wonse pa malo a khonsolo. Alamu anauza khoti zoona, kuti atapatsidwa nthawi angapeze chipinda chotsika mtengo.

Chigamulo chinatuluka ndi masiku awiri olembedwa, monga lamulo limafunira. Loyamba linali tsiku loti alamu akhale atatuluka okha, 30 Juni, kuti mwana amalize teremu. Lachiwiri linali tsiku lomwe sherifu angabwere kudzawatulutsa ngati sanatero, masabata awiri pambuyo pake. Ndi sherifu yekha amene amagwira ntchito imeneyi. Akhoza kubwera ndi omuthandiza omwe khoti laloleza, koma iye mwini ayenera kukhalapo nthawi yonse. Anyamata a mastende obwera ndi zitsulo popanda sherifu ndi loko uja wabweranso m'maonekedwe ena. Ndipo amene wangodzidzimuka ndi chigamulo chomwe chinaperekedwa iye kulibe, mwina chifukwa mapepala sanamufike, akhoza kupempha khoti la majisitireti kuti lichifafanize, mkati mwa masiku 20 a khoti kuchokera tsiku lomwe wachidziwa.

Kuchokera pa pepala la Lachisanu lija kufika pa 30 Juni wa chaka chotsatira panadutsa miyezi 14. Ina mwa miyeziyo inali yolipiridwa bwino, ina ayi. Ngongole sinaime kudikira khoti. Pa R3,600 ya mu Sepitembala panawonjezekera R800 yoperewera mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi inayi, yomwe ndi R7,200, zonse pamodzi R10,800. Dipoziti ya R1,800 inalowa momwemo, n'kutsala R9,000, osawerengera kachiwongoladzanja ka dipozitiyo komwe lamulo limati ndi ka wa lendi. Majisitireti sanawasenzetse ndalama za loya wa agogo, koma akanatha kutero, ndipo anthu ena zimawagwera. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzathu ena omwe akangomva za PIE amasiya kulipira dala n'kumati andipititse kukhoti. Amene amavutika si kampani ya nyumba zosanja, ndi mayi wa miyendo yotupa uja, ndipo Mmalawi wotsatira akabwera kudzafunsa chipinda amauzidwa kuti chadzaza.

Alamu anapeza chipinda ku Rosettenville, cha R1,300, chimbudzi chogawana ndi mabanja atatu. Anali atapezanso ntchito ya masiku atatu pa sabata. Kutatsala masiku awiri kuti atuluke tinapempha agogo kuti tiyendere chipindacho limodzi, monga lamulo limanenera kuti zichitike m'masiku atatu omaliza, kuti pasadzabuke nkhani ya zowonongeka. Anabwera ndi ndodo yawo, anayang'ana makoma, anatsegula ndi kutseka windo, anagogoda pansi pomwe simenti inali itang'ambika kale alamu asanalowe. Mwana wawo analemba kuti zonse zili bwino, tonse tinasaina, ine ndinajambula pepalalo. Pa chitseko panali mabowo anayi a zomangira za loko uja. Agogo anawasisita ndi chala, sananene kanthu, ndipo sanawalembe.

Kabaki kanabwera Loweruka m'mawa, R450 mpaka ku Rosettenville. Alamu amatumiza R300 kwa agogo mwezi uliwonse, kudzera kubanki, ndipo mwana wa agogowo amayankhabe pa WhatsApp kuti yafika.